Mwana akadandaula za lekichara, bwanji mukuulula dzina lake?

Akonzi,

Ndalemba ndili ndi mkwiyo. Mwana wa achemwali anga ali pa koleji ina, ndiye lekichara wina wakhala akumutumizira mamesejii usiku, ati bwera kunyumba tikonze malikisi ako, ukakana mayeso obwereza akukudikira. Mwanayu analimba mtima n'kupita kwa mkulu wa dipatimenti kuti angofunsa kuti atani, sanalembe kanthu, sanati akusuma ayi. Mawa lake bwanayo anaitana lekichara uja, n'kuwakhazika ofesi imodzi, eti mukambirane mukhululukirane. Kukhululukirana chani? Munthu amene asunga pepala lake la mayeso ndi yemweyo, pano kalasi yonse ikudziwa ndipo anzake ayamba kumunena kuti akufuna kuchotsetsa bambo wa ana ntchito.

Abwana inu, kufunsa uphungu ndi kusuma ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wophunzira akapita kwa mlangizi kapena kwa anesi a pa sukulu, nkhaniyo imayenera kutsala mchipinda momwemo mpaka iye mwini atanena kuti tiyeni nayo. Akasankha kusuma ndi pamene amalemba kalata, masiku ndi malo zonse, n'kuphatikiza zithunzi za mamesejiwo nambala ikuoneka, ndipo asunge kope yodindidwa chifukwa mafayilo amasowa. Apo komiti imamva iye payekha, lekichara payekha, mboni pazokha. Inde lekichara amauzidwa mlandu wake kuti ayankhe, ndiye dzina limadziwika basi, koma mwana amayenera kuuzidwa zimenezi asanasaine, osati kungodzidzimuka atalowa mu ofesi. Ndipo pofufuzapo mayeso ake achonge munthu wina, mapeto ake chigamulo chibwere cholembedwa kuti ngati sanakhutire apange apilo.

Izi sikuti ndikupempha chifundo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati nkhanza zotere ndi mlandu, chindapusa K1 miliyoni ndi zaka 5 kundende. Ndiye ndani anapatsa mkulu wa dipatimenti mphamvu zothetsa mlandu ngati ndi nkhoswe ya ukwati? A Malawi Human Rights Commission, lamuloli munapatsidwa ndinu kuti muziliyang'anira, a bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE inunso mumavomereza makolejiwa, mumafunsako ngati komiti yake ilipodi kapena ili papepala pokha?

Ife makolo tikugulitsa soya ndi mbuzi kuti tipeze fizi, ngongole ya boma sakuipeza onse, malo ogona kulibe ana akuchita lendi mmakomboni, kenako wina azibwera kudzagulitsa malikisi ndi thupi la mwana wanga!

Koleji iliyonse imate pa bolodi dzina la ofesi yolandira madandaulo yomwe si ya madipatimenti, ndipo woulula chinsinsi alangidwe nayenso. Atsikana, mamesejiwo musafufute, ndipo sukulu ikazengereza pitani ku Victim Support Unit ku polisi, simufunika chilolezo cha aliyense.

Mayi wokhudzidwa,
Ntcheu