Kalata Yotseguka kwa Mayi Katherine Paterson: Leslie Anaferanji?

Okondedwa Mayi Paterson,

Ndine mtsikana wa Fomu 2. Mwa zaka ndinu agogo anga, popeza ndamva kuti munabadwa mu 1932, choncho mundikhululukire ngati mawu ena atuluke mopanda ulemu. Buku lanu la Bridge to Terabithia ndinabwereka kulaibulale ya kusukulu kwathu, ndipo tsiku lobweza linapita kale.

Ndisanafike polemba poyera chonchi ndinayamba ndafunsa kwathu konkuno. Aphunzitsi a Chingerezi anandiyankha kuti imfa ndi mutu waukulu wa bukuli ndipo ndiulembe m'kope chifukwa ungabwere pamayeso. Amayi anati ndi nthano chabe, ndipukute misozi ndikatsuke mbale. Makalata awiri amene ndinakulemberani ali m'chikwama mpaka lero, poti sindikudziwa kowatumiza.

Vuto langa ndi mng'ono wanga wa zaka 7. Iye Chingerezi sanayambe kumva, ndiye madzulo alionse tikalowa m'neti ndimamufotokozera mutu umodzi m'Chichewa. Anaseka mpaka kutsokomola atamva kuti Jess Aarons anakhala tchuthi chonse akudzuka m'mamawa kukathamanga kubusa la ng'ombe kuti akhale katswiri wa kalasi yake, kenaka tsiku loyamba lenilenilo nkupitiriridwa ndi mtsikana wachilendo, Leslie Burke. Galu wathu anamusintha dzina, pano ndi Prince Terrien, ngati galu wa m'bukumo. Ine ndinkawerenga motsogola, ndipo usiku wina iye ali mtulo ndinafika kumapeto kwa mutu 10 ndi tochi ya foni ya amayi. Jess akubwera kuchokera ku Washington ali ndi chimwemwe, dzuwa lawala patapita masiku ambiri amvula, akulowa m'nyumba nkupeza onse ali duu. Amayi ake akuyamba kulira mosisima. Kenaka Brenda, mlongo wake wopanda chisoni uja, ndi amene mukumupatsa mawu oti Leslie wafa. Ndinabwerera m'mbuyo kuwerenga manambala a masamba, poganiza kuti wina anang'amba tsamba, pakuti mabuku a kulaibulale kwathu amatero. Masamba onse analipo. Kuyambira tsikulo mng'ono wanga ndinamuimika pa mutu 9, ndipo ndakhala ndikumunamiza kuti tochi yatha moto. Sabata yachitatu ino.

Musandiyankhe ndi nkhani ya mphezi, Mayi, chifukwa ndikuidziwa. Ndinamva kuti mu 1974 mnzake wapamtima wa mwana wanu wamwamuna, mtsikana wa zaka 8, anaphedwa ndi mphezi, ndipo munalemba bukuli pofuna kumvetsa chinthu chosamvetseka. Pepani kwambiri, ndipo pamenepo ndilibe chonena. Koma m'buku simunaikemo mphezi ayi, munaikamo chingwe, ndipo zinthu ziwirizi nzosiyana. Mphezi ikagwa palibe amene angadzifunse kuti kodi ndikanakhalapo ndikanaigwira. Chingwe chimasiya funso limeneli pamutu pa wotsala.

Taonani mmene munakonzera. Mvula yagwa sabata yonse ya Pasaka, kamtsinje kamene kanali kouma pamene anawa ankayamba kuwoloka polendewera pachingwecho kupita ku Terabithia, ufumu wawo wongoyerekeza, kasefukira. Jess akuchita mantha koma akubisa, mpaka m'mawa womwewo pokama ng'ombe akuganiza zomuuza Leslie kuti asawolokenso. Foni ikulira, Miss Edmunds, mphunzitsi wa nyimbo, akumutenga kukaona zithunzi ku National Gallery. Galimoto itapita kale patali m'pamene akukumbukira kuti akanatha kupempha kuti Leslie abwere nawo, ndipo inu mukutionetsa kuti mumtima akukondwera kukhala yekha ndi mphunzitsi amene amamukonda. Ndi kachimwemwe kakang'ono, koti mwana aliyense angakhale nako. Tsiku lomwelo chingwe nkuduka. Mnyamata wa zaka 10, wa m'nyumba yosauka, amene sanalowepo m'nyumba yoonetsera zithunzi ngakhale amajambula tsiku ndi tsiku, mwamupatsa tsiku limodzi lokoma nkumulipiritsa ndi mnzake yekhayo. Analakwanji?

Ndivomere kuti simunatibisire. Powerenga kachiwiri ndinaona zizindikiro zimene ndinazilumpha: chingwe chakale chimene palibe akudziwa anachimanga ndani, May Belle, mlongo wamng'ono wa Jess, akufunsa Leslie pochokera kutchalitchi kuti zidzamuthera bwanji akadzafa, madzi akukwera tsiku ndi tsiku. Koma munatilonjezanso zina. Munatiuza kuti Leslie amadziwa kusambira, mpaka analemba chimangirizo cha kusambira pansi pa nyanja chimene chinamuopsa Jess pongomvetsera. Ine ndinagona mtima uli m'malo kuti ngati wina agwere m'madzi ndi Jess, ndipo Leslie amuvuula. Nanga nchifukwa chake munati anamenyetsa mutu pogwa, kuti kusambirako kukhale kopanda ntchito? Mwatseka khomo lililonse, ndipo simunatilole nkukhala naye pamenepo. Mtsikana amene tayenda naye mitu 8 wafa yekha, ife tili ku Washington kuona zithunzi.

Zina zondipweteka ndingotchula mwachangu. Thupi lake analiwotcha, moti Jess alibe ndi manda omwe oti akaimepo. Makolo a Leslie akusamuka nkutenga galu amene Jess anapereka pa Khirisimasi. Utoto umene Leslie anampatsa akuutaya mumtsinje.

Pali malo amodzi amene sindingakutsutseni. M'mawa wotsatira Jess akudya zitumbuwa zake bwinobwino ngati palibe chachitika, Brenda nkumunena kuti alibe chisoni. Agogo anga aamuna atamwalira ine ndinadya nsima mbale yonse pamaliro, ndipo ndinachita manyazi chaka chathunthu. Sindinadziwe kuti wina kutali angadziwe zimenezi. Komanso bambo a Jess, amene Leslie asanafe sanamuyangatepo, akumunyamula pamiyendo m'mbali mwa mtsinje nkumutsimikizira kuti Mulungu saponya ana aakazi kumoto. Pamenepo ndinalira. Komabe ndi pomwepo pamene mkwiyo wanga unakula. Bambo ayamba kumuona mwana wawo, aphunzitsi ake Mrs. Myers afewa nkukamba za malemu amuna awo, Jess apeza mtima womanga mlatho, May Belle akhala mfumukazi ya Terabithia. Aliyense wapindula kanthu kupatula Leslie. Zikuoneka ngati munamubweretsa ku Lark Creek kuti adzakonze anthu ena, ntchito itatha nkumuchotsa. Iyeyo analibe zake zoti adzakhale?

Bukuli linatuluka mu 1977, linapata mendulo ya Newbery mu 1978, ndipo inu munakhalapo kazembe wa mabuku a ana m'dziko lanu mu 2010 ndi 2011. Funso la imfayi muyenera kuti mwalimva kambirimbiri. Langa nlopapatiza. Ndawerenga mitu 3 yomalizayo katatu, kufunafuna pamene munthu wamkulu akumuuza Jess kuti kupita ku Washington sikunali kulakwa, ndipo sindinapapeze. Ndiuzeni poyera, kuti ndi ena amve: munasinthiranji mphezi kukhala chingwe, ndipo Jess akanamuitana Leslie m'mawa uja, mukanamusiya ndi moyo kapena mukanadula chingwecho tsiku lina? Ngati mukanachidulabe, nenani, kuti ndikamafotokozera mng'ono wanga ndimuuze molimba mtima kuti Jess alibe mlandu.

Mwanayu amawoloka kamtsinje pa mtengo wogwa popita kusukulu, ndipo mvula yayamba. Dzulo anaipeza foni, nkuyatsa tochi yekha, nkundionetsa kuti ikuyaka.

Ine wowerenga wanu,
Mtsikana wa Fomu 2