Kalata kwa mwana wanga: kusankha mawu omwe aliyense angamve

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi a pabanja pako. Ndamva kuti pa ntchito imene wapatsidwayi uzilankhula ndi kulemberana mauthenga ndi anthu ochokera ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Chipata, ku Lusaka ngakhalenso ku Tete, ndipo onsewa amati amalankhula chilankhulo chimodzi ndi iwe. Akunena zoona, koma uona posachedwa kuti mawu amene amasiyanitsa anthu si a nkhani zikuluzikulu ayi. Ndi timawu ta tsiku ndi tsiku monga moni, kuitana munthu, kutchula nthawi ndi kutsanzikana, timene munthu amatitulutsa asanaganize n'komwe. Ndi pa timawu timeneti pamene ndikufuna kukulangiza.

Uyambe wadziwa kumene Chichewa cha m'mabuku chinachokera, kuti usamachiyese chilankhulo chonse. M'chaka cha 1968 boma la Malawi linasankha chilankhulochi kukhala cha dziko lonse ndipo linasintha dzina lake kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa, kenaka mu 1972 linakhazikitsa bungwe loyang'anira kalembedwe ndi kagwiritsidwe ntchito kake. Chichewa chimene chinalowa m'sukulu ndi pa wailesi chinatsamira kwambiri pa kalankhulidwe ka m'chigawo chapakati. Ku Zambia dzina la Chinyanja linatsala, ndipo ndi chimodzi mwa zilankhulo 7 zimene boma la kumeneko limazindikira, pomwe mu mzinda wa Lusaka munakula Chinyanja cha m'tauni chimene chinatenga mawu ambiri ku Chibemba, ku Chinsenga ndi ku Chingerezi. Choncho munthu wa ku Lusaka akanena kuti "nifuna" pamene iwe ukanati "ndikufuna", sanalakwitse kanthu, wangolankhula cha kwawo, ndipo ukamuwongolera uoneka wamwano.

Mawu apakatikati, amene ndikukulimbikitsa kuti uziyamba nawo, ndimawazindikira pofunsa zinthu zitatu. Kodi aliyense mwa omverawo awamva popanda kufunsa tanthauzo? Kodi kulibe dera kumene mawuwo amatanthauza china? Nanga kodi sakumuyandikira munthuyo mopitirira pamene iye wakulola? Funso lachitatuli ndi limene achinyamata ambiri amaliiwala, chifukwa mawu akhoza kumveka kwa aliyense koma n'kukhala a anthu ozolowerana okha.

Tenga moni wamasana. Ku Malawi ambiri amati "mwaswera bwanji?", ena amati "mwatandala bwanji?", mawu amene amafanana ndi moni wa Chitumbuka, pomwe ku Zambia ukamva "mwachoma bwanji?" Wam'mawa nawo uli pawiri, pakuti kuno timati "mwadzuka bwanji?" ndipo kutsidya amakonda "mwauka bwanji?" Onsewa ndi aulemu ndipo palibe woposa mnzake, koma aliyense amaulula dera, ndipo "mwachoma" amamudabwitsa Mmalawi amene sanawolokepo malire. Amene sadabwitsa munthu kwina kulikonse ndi "muli bwanji?", ndipo ali ndi ubwino wina wakuti sasankha nthawi, chinthu chofunika pa uthenga wolembedwa, chifukwa iwe ukhoza kulemba m'mawa mnzako n'kuwerenga madzulo. "Wawa" ndi moni waulemu ndithu kumene anauzolowera, koma kwina amamveka ngati ukuseleula anthu akumudzi. Za "bo" ndi "shapu" sindichulutsa mawu: ndi za anzako a msinkhu wako, ndipo zisafike kwa munthu amene sunadziwe zaka zake.

Poitana munthu m'pamene pamapweteka kwambiri, popeza kulakwitsa apa kumakhudza ulemu. Chichewa chimalemekeza poika "a" patsogolo pa dzina, monga a Phiri kapena a Banda. M'madera ena a chigawo chapakati "a" ameneyu amamveka ngati "o", kotero kuti umva "obambo" ndi "omayi", pomwe ku Lusaka ambiri amaika "ba" wochokera ku Chibemba. Iwe gwiritsa "a", chifukwa onse amamudziwa ndipo palibe amene amakhumudwa naye. "Achimwene" ndi "achemwali" anachokera ku Chiyao ndipo afala m'Malawi monse mpaka munthu akhoza kuitana nawo mlendo pamsewu, koma usayembekezere kuti aliyense wa ku Lusaka awalandira chimodzimodzi. "Aise" ndiye usamuyese n'komwe kwa munthu wamkulu, ngakhale utamva anzake akumuitana choncho, chifukwa iwowo anapatsidwa ufulu umenewo ndipo iwe sunapatsidwe. Pamene sudziwa dzina, "bambo" ndi "mayi" sakugwetsa. Ndipo ngakhale mawu onse utawasankha bwino, ukangoti "uli bwanji" m'malo mwa "muli bwanji" kwa munthu amene simunazolowerane, zonse zawonongeka.

Tsopano tiye tikonze uthenga umodzi pamodzi, kuti uone mmene zimachitikira. Tiyerekeze kuti ukufuna kuitana anthu asanu ochokera m'madera osiyanasiyana ku msonkhano, ndipo popeza wakhala ukucheza ndi anzako a ku Lusaka, dzanja lako lalemba chonchi:

"Bo aise, mwachoma? Manje tikumane mailo m'mawa, tikambe za ija. Zikomo maningi."

Wa ku Lusaka wa msinkhu wako amva zonse ndipo mwina akondwera. Koma yang'ana mawu amodziamodzi. "Bo aise" atayike chifukwa m'gululo mukhoza kukhala munthu wamkulu kuposa iwe, ndipo m'malo mwake pakhale "moni nonse". "Mwachoma" asanduke "muli bwanji". "Manje" ndi "tsopano" wa ku Zambia, ndipo Mmalawi akhoza kumulota, koma mu uthengawu sakugwira ntchito iliyonse, choncho angochoka. Vuto lenileni lili pa "mailo". Mawu amenewa anachokera ku Chibemba ndipo amaimira dzulo komanso mawa, moti womva amasiyanitsa poona nthawi ya mneni. Wa ku Blantyre amene sanawamvepo sadziwa tsiku limene ukunena, ndipo amene anawamvapo kamodzi pa nkhani ya dzulo akhoza kuganiza kuti msonkhano unachitika kale iye osauzidwa. Ukasintha n'kulemba "mawa m'mawa" wachita bwino, komabe sunamalize, chifukwa mawu awiriwa amafanana kwambiri, ndipo wowerenga mofulumira kapena amene kwawo amati "mamawa" akhoza kuona amodzi okha. Pa nthawi ndi pa tsiku usadalire mawu a macheza ngakhale apakatikati. Tchula tsiku ndi ola. "Maningi" abwerere kukhala "kwambiri". Mneni wa "kukamba" ukhoza kutsala, popeza mbali zonse amaudziwa, ngakhale kuti "tikambirane" ndi wosalala. Uthengawo uthera apa:

"Moni nonse, muli bwanji? Chonde tikumane mawa Lachitatu, nthawi ya 9 koloko m'mawa, kuti tikambirane nkhani ija. Zikomo kwambiri."

Uona kuti uthenga wachiwiriwu sunasanduke Chichewa cha m'Baibulo kapena cha m'kalata ya boma. Ndikunena izi chifukwa ena akauzidwa kuti asankhe mawu apakatikati amathawira ku mawu akale ndi ozama, poganiza kuti ozamawo ndiwo olondola. Mawu ozama nawonso ali ndi kwawo, ndipo kawirikawiri kwawo ndi kumudzi kwa wolembayo. Munthu akalemba "mkuja" pofuna kunena tsiku lotsatira mawa, walemba Chichewa chabwino, koma achinyamata ambiri a m'tauni aima kaye kuti akumbukire ngati ndi kutsogolo kapena kumbuyo, pomwe "Lachinayi" sakayikitsa munthu. Nthawi zina mawu obwereka ndiwo amakhala apakatikati kuposa achikale, monga "foni" amene amamveka paliponse kuposa "lamya".

Pali kusiyana kwina kumene sikuyenera kukutayitsa nthawi. Wina amati "ndinapita", wina "ndidapita". Wina "kulankhula", wina "kuyankhula". Wina "ayi", wina "iyayi". Zonsezi zimamveka kwa aliyense ndipo sizichotsa ulemu. Chofunika n'chakuti ukasankha imodzi polemba, ukhale nayo mpaka kumapeto kwa uthengawo, osati kudumphadumpha.

Udzadziwa bwanji kuti mawu ako sanagwere pabwino? Anthu athu sakonda kukuuza pamaso kuti walakwitsa, choncho uyang'ane zizindikiro. Munthu akabwereza mawu ako akumwetulira, ndiye kuti wamva dera lako m'malo momva uthenga wako. Akakuyankha m'Chingerezi pamene iwe unayamba m'Chichewa, kawirikawiri ndiye kuti sanamve bwino ndipo akuopa kufunsa, kapena waona kuti wamuyandikira msanga ndipo akubwerera m'mbuyo. Akakufunsa kuti "kodi kwanu n'kuti?" nkhani ya ntchito isanathe, mawu ena ake amukoka khutu. Chizindikiro chimene ndimachikhulupirira kuposa zonse ndi moni amene akubwezera: ukati "bo" iye n'kuyankha kuti "ndili bwino, kaya inu", wakuwongolera mwaulemu, ndipo utsatire pomwepo osadikira kachiwiri. Pa mauthenga olembedwa zizindikirozi zimachepa, chifukwa nkhope suiona, ndipo n'chifukwa chake polemba uyenera kusamala kuposa polankhula.

Ndisakubisire kuti mawu apakatikati ali ndi malire ake. Ukakhala nawo miyezi ndi miyezi kwa munthu amene mumaonana tsiku ndi tsiku, ayamba kukuona ngati wonyada kapena wosafuna kucheza. Iwo ndi oyambira, ndipo pambuyo pake umamvera mmene mnzakoyo akulankhulira. Akakupatsa moni wa "mwachoma bwanji?" yankha mwachibadwa kuti "ndachoma bwino", pakuti kubweza moni m'mawu amene wabwera nawo ndi ulemu kulikonse. Koma kuyankha moni n'kosiyana ndi kutengera kalankhulidwe konse ka munthu. Ukayamba kunena "obambo" kapena "nifuna" motsanzira katchulidwe kake pamene iye akudziwa kuti si kwanu, ambiri amaganiza kuti ukuwanyoza, makamaka ngati kalankhulidwe ka dera lawo kamasekedwa kale m'tauni. Tenga mawu amodzi kapena awiri amene wawamvetsa bwino, uwanene ndi katchulidwe kako, ndipo ena uwasiye.

Ngati pa gulu pali anthu a madera angapo, bwerera ku mawu apakatikati ngakhale ambiri mwa iwo ali anzako apamtima, chifukwa mmodzi amene sakumva nthabwala ya "mailo" ndi amene adzasowe pa msonkhano. Ndipo ukakumana ndi mawu amene sukuwadziwa, funsa mwini wake mwachindunji kuti "kodi kwanu mawu amenewa amatanthauza chiyani, ndipo mungawanene kwa munthu wamkulu?" Mbali yachiwiri ya funsoli ndiyo yofunika, popeza tanthauzo ukhoza kulilota wekha koma msinkhu wa mawu sungaulote.

Undilembere undiuze mawu ena amene wakumana nawo kumeneko, makamaka a anzako a ku Tete. Amayi ako akupereka moni, ndipo upereke moni wathu kwa onse a pakhomo pako.

Ndine bambo ako.