Kwa eni shopu ya mafoni: IP68 yanuyo ndi ya pakamwa chabe

Abwana, ndikulemba pano poyera chifukwa mauthenga a mseri simuyankha. Dzina la shopu ndalisunga kaye, koma inu mukudziwa kuti ndikunena inu, ndipo mnyamata wanu wa pakauntala uja akudziwanso.

Mlongo wanga anagula foni kwa inu pa K685,000, cha kumayambiriro kwa mvula kuja. Pa chikwangwani chanu munalemba IP68 ndi zilembo zazikulu, pansi pake "yosalowa madzi". Pogulitsa, mnyamatayo anamuuza kuti atha kusamba nayo, ngakhale kuchapa nayo. Posachedwapa foniyo inagwera m'beseni la zochapa, anaivuula nthawi yomweyo, koma pofika madzulo galasi la kamera linali litachita nkhungu m'kati ndipo sikirini inayamba kuphethira. Tinawononga K18,000 ya minibasi kubwera nayo kwa inu. Mnyamata wanu sanadzuke n'komwe pampando. Anailandira ndi dzanja limodzi, maso ali pa foni yake, n'kuibaya pa chaja. Foni yonyowa m'kati, pa chaja! Itazima, anatilipiritsa K15,000 "yoyezera", n'kunena kuti kukonza ndi K240,000 chifukwa waranti sikhudza za madzi. Mlongo wanga atakumbutsa za lonjezo lija, yankho linali lakuti, "Mayi, foni si nsomba. Mukanawerenga." Zikomo kwambiri achimwene pa phunzirolo. Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni, ndiye tiyeni tiwerenge limodzi, anthu onse akuona.

IP ndi muyezo wa padziko lonse wotchedwa IEC 60529. Nambala yoyamba imanena za fumbi ndi zinthu zolimba, ndipo imayambira 0 kulekeza 6. Pa 5, fumbi lochepa limatha kulowa koma osafika poononga chipangizo. Pa 6, fumbi sililowa konse, ndipo amayesa poika chipangizocho m'bokosi louluka ufa wosalala kwambiri mpaka maola 8. Nambala yachiwiri ndi ya madzi. Pa 4 ndi madzi ongowazika kuchokera mbali iliyonse. Pa 7 ndi kumiza mita imodzi kwa mphindi 30. Pa 8 ndi kupitirira apo, koma kuya kwake ndi nthawi yake amasankha ndi wopanga foniyo. N'chifukwa chake IP68 ya foni ina si yofanana ndi ya inzake: mafoni ambiri a Samsung amalemba mita 1.5 kwa mphindi 30, pomwe iPhone 12 analemba mamita 6 kwa mphindi 30. Mukaona X, monga IPX4 ya pa timahedifoni tija, ndiye kuti mbali imeneyo sanaiyese, ndipo za fumbi sakulonjeza kanthu. Mnyamata wanu nditamufunsa kuti 8 wa pa foni imeneyi ndi mamita angati, anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Tsono chimene chikwangwani chanu sichinena ndi mmene mayesowo amachitikira. Amatenga foni yatsopano, yongochoka kufakitale, n'kuitsitsa pang'onopang'ono m'madzi oyera, odikha, osatentha, osazizira. Mulibe sopo, mulibe mchere, mulibe mankhwala a m'dziwe losambira. Madzi a sopo ndi nkhani ina. Pa sipika ndi pa maikolofoni pamakhala kansalu kopyapyala kamene kamalola mpweya ndi mawu kudutsa koma kamakaniza madontho, chifukwa madzi oyera amagwirana okhaokha n'kukhala dontho lalikulu. Sopo amathetsa kugwirana kumeneko, madzi n'kuyamba kuyenderera m'timabowo tomwe poyamba sakanalowa. Madzi otentha ndi nthunzi ya m'bafa zimafewetsa guluu, ndipo foni yotentha ikalowa m'madzi ozizira mpweya wa m'kati umanyala n'kukoka madzi pa mpata uliwonse. Madzi a mchere akauma amasiya mchere pa tizitsulo ta pobayira chaja, n'kumatidya pang'onopang'ono.

Chinanso chimene ambiri sadziwa, ndipo apa anthuni mvetsetsani: kupambana mayeso omiza sikutanthauza kuti foni yapambananso mayeso a madzi othamanga. Amenewo ndi 5 ndi 6, ndipo amayesedwa paokha. Pa 5 amathira madzi ndi paipi ya kamwa la mamilimita 6.3, malita 12.5 pa mphindi, atatalikira pafupifupi mamita atatu. Pa 6 kamwa ndi la mamilimita 12.5, malita 100 pa mphindi. Foni yolembedwa IP68 yokha sinakulonjezeni zimenezo. Ndiye kuitsuka pa mpopi wothamanga, kulumphira nayo m'madzi ku Salima, kapena kuimenyetsa mafunde, zonsezo zili kunja kwa lonjezo, ngakhale madzi a nyanja yathu alibe mchere.

Mwina muti, "Aha, wavomera yekha kuti sopo sali m'lonjezo." Inde sali m'lonjezo la fakitale. Koma ali m'lonjezo la mnyamata wanu, amene ananena ndi pakamwa pake kuti atha kuchapa nayo, pamaso pa mboni. Mlongo wanga sanagule kufakitale, anagula kwa inu.

Ndipo nkhani yaikulu si sopo ayi. Foni imeneyi inatsegulidwapo isanagulitsidwe, inu n'kuigulitsa ngati yatsopano. Sindinaitsegule, dala, kuti musadzati ndaononga ndine, koma zizindikiro zili kunja. Chivundikiro cha kumbuyo chatukuka pang'ono pa kona ya kumunsi, moti chikhadabo chimalowa. M'mbali mwake mukuoneka timinyololo ta guluu woonekera, wonyumbuka, wa mtundu wa B-7000 amene tonse okonza mafoni timamudziwa. Fakitale sigwiritsa ntchito guluu wa m'chubu. Imaika tepi yomata yodulidwa molingana ndi foniyo, yozungulira popanda podukira, n'kuipanikiza ndi makina. Kuti munthu asinthe batire kapena sikirini amayenera kutenthetsa ndi kudula tepi imeneyo, ndipo ikadulidwa IP68 yathera pomwepo. Ngakhale wokonza waluso ataika tepi yatsopano, sangakulonjezeni nambala ija pokhapokha atayesa ndi makina a mpweya ngati foniyo yatsekekadi. Nanga guluu wopaka ndi dzanja, wodukizadukiza? Foni yotero ingalowe madzi ngakhale ndi mvula ya pa kabaza. IP68 yomwe munalemba inali ya foniyi tsiku lomwe inkachoka kufakitale, osati tsiku lomwe munalandira K685,000.

Ngakhale foni yosatsegulidwa, chitetezochi chimatha ndi nthawi. Kalabala ka pa kabati ka simu kamauma n'kuphwanyika, foni ikagwa chimango chimapindika pang'ono osaoneka ndi maso, kutentha kwa mu Okutobala pa dashibodi ya galimoto kumafooketsa zomatira, batire ikafufuma imakankha chivundikiro. Opanga mafoni eniake amalemba zimenezi, ndipo amalembanso kuti kuonongeka ndi madzi sikuli pa waranti. Inu mawu amenewo munawasiya, munangotolapo okoma okha.

Mnyamata wanu anatulutsa kabati ka simu, n'kutionetsa kakadontho kofiira m'kati monyadira ngati wagwira mbava. Kapepala kameneko kamakhala koyera, ndipo kamafiira kakakhudzidwa ndi madzi. Kamangonena kuti madzi analowa. Sikanena kuti analowera pati, kapena chifukwa chiyani, ndipo funso lathu ndi limenelo. Koma chimene sindingakhululuke ndi chaja ija. Foni inafika kwa inu ikuyaka. Madzi akakhala pa bolodi m'kati mwa foni, magetsi amadutsa pomwe sayenera kudutsa, tizitsulo timachita dzimbiri lobiriwira msanga, ndipo kachipangizo kogawa magetsi kamatha kupsa. Wophunzira wa sabata yoyamba amadziwa kuti foni yonyowa umaizimitsa, umachotsa kabati ka simu, suibaya pa chaja, ndipo wokonza amaitsegula, amachotsa batire, n'kutsuka bolodi ndi sipiriti wa mafoni asanayese kuyatsa. Ntchito imeneyo ikanakhala yotsika mtengo kwambiri. Wanuyo anaipha foni tikuona, n'kutilipiritsa K15,000 ya maliro.

Abale amene mukuwerenga, musanapereke ndalama pa foni yolembedwa IP67 kapena IP68, yendetsani chikhadabo m'mbali monse mwa chivundikiro, muone ngati pali guluu wotuluka kapena potukuka. Tulutsani kabati ka simu muone ngati kalabala kake kalipo, ndipo muunikire m'bowomo ngati kapepala kaja kadakali koyera. Mafoni ena ali ndi kachipangizo koyeza kupanikiza kwa mpweya, ndipo kamathandiza. Pa mafoni ambiri a Samsung mukalemba *#0*# poimbira, n'kusankha Sensor, mumaona nambala ya Barometer. Kabati ka simu kali m'malo mwake, dinikizani sikirini ndi zala ziwiri mosapitiriza. Foni yotsekeka bwino, nambalayo imakwera kenako n'kubwerera, chifukwa mpweya wa m'kati wapanikizika. Ikangokhala duu osasuntha, mpweya ukutulukira penapake, ndipo potulukira mpweya mosavuta chonchi ndi polowera madzi. Si mayeso a fakitale, koma amagwira foni yomatidwa mwachinyengo. Wogulitsa akakana kuti muyese, tengani ndalama zanu muzipita. Ndipo musamavomere kuti akuviikireni foni m'kapu ya madzi ngati umboni. Masekondi ochepa m'madzi osafika chikhatho sanena kanthu za mphindi 30 pa mita imodzi.

Abwana, musaganize kuti nkhani zotere zimathera pa kauntala. Mu 2020 boma la Italy linalipiritsa Apple mayuro 10 miliyoni chifukwa cha malonda onena za kusalowa madzi osafotokoza kuti mayesowo anali a madzi oyera, odikha, uku akukana kukonza mafoni oonongeka ndi madzi. Mu 2022 khoti la ku Australia linalamula Samsung kulipira madola a kumeneko 14 miliyoni chifukwa cha zotsatsa zoonetsa mafoni m'nyanja ya mchere ndi m'madziwe osambira. Amenewo ankagulitsa mafoni atsopano enieni. Inu mukugulitsa omatidwa ndi guluu wa m'chubu.

Tikufuna K685,000 ya foni, K15,000 yoyezera yomwe simunayeze kanthu, ndi K18,000 ya ulendo, zonse pamodzi K718,000. Ngati mukukana kuti foniyi inatsegulidwapo, tiitsegulire pa kauntala panu pomwepo, inu mulipo, ndi wokonza wina amene tingagwirizane, tione tepi, tione batire, tione zomangira ngati sizinakalike ndi sikuludiraiva. Ndipo mundilole ndiyese mpweya pa mafoni ena omwe ali pansi pa chikwangwani chija, makasitomala akuona. Chikwangwanicho muchotse, kapena mulembepo zoona. Lisiti tili nalo, chithunzi cha chikwangwani tili nacho, zithunzi za guluu uja ndajambula pafupi. Sabata ino ikatha muli chete, zonsezi ndikazitula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, ndipo dzina la shopu ndi malo ake ndidzazilemba pansi pa uthenga uno.