Oweruza a Otomani ankamangidwa ndi mzere wodikira ntchito

Akonzi,

Ndiloleni nditsirepo ndemanga pa nkhani ya ufumu wa Otomani yomwe munasindikiza. Mlembi wanu anati oweruza, omwe ankatchedwa makadi, anali pa ufulu chifukwa sulutani sankalowerera milandu. N'zoona kuti kawirikawiri sulutani sankauza kadi kuti wakuti ndiye apambane, koma sankafunikira n'komwe kutero. Khomo lolowera ntchito linali m'manja mwake, ndipo apa ndi pomwe mlembi wanu anadumpha.

Mnyamata wofuna kudzakhala woweruza ankakwera madarasa mwandondomeko mpaka kufika ku masukulu asanu ndi atatu omwe sulutani Mehmed II anamanga pambali pa mzikiti wake ku Istanbul cha m'ma 1470. Kumaliza maphunziro sikunali kupeza ntchito. Shehe wamkulu wina ankayenera kumuperekera umboni kuti dzina lake lilowe m'kaundula wa odikira, yemwe ankasungidwa ndi kazasikeri, mkulu wa oweruza. Makazasikeri analipo awiri, wa Rumelia kuchigawo cha ku Ulaya ndi wa Anatolia kuchigawo cha ku Asia, ndipo onse ankakhala nawo pa bwalo la nduna za sulutani.

Nthawi yake ikakwana, mnyamata uja ankasankha njira. Ankatha kukakhala kadi wa tauni yaing'ono n'kuyamba kugwira ndalama msanga, koma akatero maudindo apamwamba anali atamupita. Wopirira ankayamba uphunzitsi pa malipiro a akiche 20 patsiku (akiche kanali kandalama kasiliva), n'kumakwera pa 30, 40, 50, mpaka 60 m'madarasa apamwamba monga a Süleymaniye. Atatero m'pamene ankayembekezera ukadi wa mizinda ikuluikulu. Shehe wotchuka Ebussuud anadutsa momwemo: anaphunzitsa, anaweruza ku Bursa ndi ku Istanbul, mu 1537 anakhala kazasikeri wa Rumelia, ndipo mu 1545 anakhala shehulisilamu, mufuti wamkulu wa ufumu wonse, mpaka imfa yake mu 1574. Ndi iyeyu amene anakhwimitsa dongosolo la kaundula uja.

Vuto linadza pamene ophunzira anachuluka kuposa mipando. Boma linafupikitsa nthawi yokhala pa udindo kuti aliyense alaweko, moti pofika zaka za m'ma 1600 kadi wa tauni ankakhala pafupifupi miyezi 20, pomwe wa mzinda waukulu ankakhala chaka chimodzi. Ikatha nthawiyo ankabwerera ku Istanbul kukaonekera kwa kazasikeri ndi kudikiranso.

Tsono taganizani za thumba la munthu ameneyu. Kadi ankadya za pabwalo lake: ndalama yolembetsera ukwati, ya chikalata chogulitsirana munda, ndi gawo la chuma cha masiye akachigawa. Miyezi 20 ija inkayenera kumudyetsa lero komanso nthawi yonse yomwe adzakhale pa mzere osalandira kanthu. N'chifukwa chake ena ankabwereketsa mpando kwa wachiwiri wawo, naibu, yemwe nayenso ankafuna kubweza zake. Ena ankayendera midzi kusaka kumene kwagwa maliro kuti agawe chuma ngakhale abale asanawaitane. Masulutani ankatulutsa zikalata zoletsa khalidweli mobwerezabwereza, ndipo kubwerezako kukuonetsa kuti silinkatha.

Ndisawadyere miseche yokhayokha. Kusamutsidwa pafupipafupi kunkachititsa kuti kadi asamere mizu ndi kugwirizana ndi mbiyang'ambe za m'deralo, ndipo makaundula a mabwalowa, omwe ambiri alipobe, amaonetsa amayi, Akhristu ndi Ayuda akudzasuma ndi kupambana milandu.

Ngakhale pa malamulo penipeni dzanja la sulutani linkafika. Popeza ndiye ankapatsa kadi mphamvu zoweruza, ankathanso kuziikira malire. Makadi osankhidwa kuchokera ku Istanbul ankaweruza motsata chiphunzitso cha Hanafi, chimodzi mwa ziphunzitso za malamulo a Chisilamu, ndipo mu 1550 sulutani Süleyman analamula kuti asamve dandaulo lomwe mwini wake walikhalira zaka 15 popanda chifukwa chomveka. Sanasinthe shariya, anangouza wantchito wake milandu yoti asaikhudze.

Mashehe nawo ankateteza mzerewo ndi mtima wonse, poti unali moyo wawo. Feyzullah Efendi, shehulisilamu wa sulutani Mustafa II, anagawira ana ndi abale ake mipando yapamwamba, mpaka anapezera mwana wake chikalata choti adzalowe m'malo mwake. Mu 1703 mashehe ndi ophunzira omwe anatsekeredwa njira anagwirizana ndi asilikali oukira, n'kulunjika ku Edirne komwe sulutani ankakhala. Mustafa II anachotsedwa pampando, ndipo Feyzullah anaphedwa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa mbiri yakale, Zomba