Zikomo a ofesi ya zaumoyo, kadi ya E ija ikugwira ntchito kuno

Kwa bwana mkulu wa zaumoyo m'boma lathu, ndi anzanu a ku chipatala cha maso ndi makutu,

Ine ndi mphunzitsi wa sitandade 4 pa pulayimale ina kuno kumudzi, ndalemba m'malo mwa ahedi ndi aphunzitsi anzanga kuti tithokoze chifukwa cha maphunziro aja munatipatsa ku likulu la zoni, oyeza maso ndi makutu a ana. Kunena zoona titaona kuti mwatibweretsera kadi, chingwe ndi timapepala basi ena tinayang'anana, timayembekezera makina. Koma zinthu zomwezo ndi zimene zatipezera ana omwe takhala nawo m'kalasi chaka chonse osadziwa kuti akuvutika.

Ndifotokozeko mmene tikuchitira kuti muone ngati tinamva bwino. Kadi ija timaimata pakhoma molingana ndi maso a mwana, pakhonde pomwe pali kuwala koma dzuwa lisamuthobwe m'maso, ndiye timayeza mamita 6 ndi chingwe chija nkulemba mzere ndi choko pansi. Ubwino wa E wotembenuzikayu ndi woti safuna mwana wodziwa kuwerenga, ngakhale wa sitandade 1 amangoloza ndi zala komwe miyendo ya E yaloza, kumwamba, pansi, kumanja kaya kumanzere. Timayamba taphunzitsa kalasi yonse ndi E wamkulu wodula pa katoni, chifukwa mwana amene sanamvetse malangizo amalephera ngati wosaona pomwe maso ali bwinobwino. Kenako mmodzi mmodzi, diso lamanja kaye lamanzere atatseka ndi chikhatho, ayambe ndi E akuluakulu a mzere wa 6/60 kenako atsike pa mzere wa 6/12. Akalondola anayi mwa asanu wakhoza, akalephera ndi diso limodzi lokha ndiye kuti alembedwe. Paja 6/12 tanthauzo lake mwanayo akuona ali pa mamita 6 chinthu chimene diso labwino limaona lili pa mamita 12.

Chimene ndikuyamika kwambiri ndi choti munatiuziratu pomwe zimalakwika. Munati kadi tisamaichite fotokope mwachisawawa, poti makina akaichepetsa pang'ono mayeso onse asokonekera, E wa pa 6/12 ayenera kutalika pafupifupi mamilimita 17 ndi theka ndipo wa pa 6/60 pafupifupi 87, ndiye aliyense ali ndi rula m'kalasi angoyeza. Munatinso mwana asadinikize diso potseka chifukwa akatsegula limaona chimbuuzi kwa kanthawi, komanso anzake odikira akhale kutali, anawa ndi ochenjera amaloweza mzere wonse pongoonera mnzawo.

Nkhani ya kusuzumira pakati pa zala ndiye tinaiona ndi maso. Pali mtsikana wina m'kalasi mwanga, wanzeru ndithu, amakhala kutsogolo ndipo sanadandaulepo. Diso lamanja anakhoza onse asanu mwachangu. Titamuuza atseke lamanjalo anayamba kupendeketsa mutu, zala nkumatseguka pang'onopang'ono, mnzanga amene amaima pambali pake (paja munati tizikhala awiri, wina pa kadi wina pa mwana) anamupatsa kakatoni kuti atsekere. Pamenepo E akuluakulu amawaona koma pa 6/12 analondola mmodzi yekha, mwina mongolota. Tinamubwereza mawa lake m'mawa monga munanenera, zotsatira zomwezo. Titamuyang'anitsa pa kabowo kakang'ono koboola ndi singano pa katoni analondola anayi, ndipo munatiuza kuti zikatero nthawi zambiri ndi vuto loti magalasi angathandize. Koma ife sitinauze mayi ake kuti mwana akufunika magalasi ayi, tinangolemba pa kapepala kuti diso lamanzere lalephera 6/12 kawiri, apite naye ku chipatala cha boma pamodzi ndi buku lake la kuchipatala. Anabwerako ndi magalasi. Mwana ngati uyu ukanamuyesa maso onse pamodzi akanakhoza, chifukwa diso labwino limabisa mnzake, ndipo munati mwa ana aang'ono diso lotsalira likachedwa kuthandizidwa limatha kufookeratu mpaka magalasi osadzathandizanso kwenikweni atakula.

Za makutu ndi zovutirapo, ndisaname. Timaima kumbuyo kwa mwana motalikira mkono umodzi kuti asawerenge milomo, khutu lomwe sitikuyeza timalitseka podina kachikutu ka kutsogolo kaja nkumakasisita, kenako timatulutsa kaye mpweya wonse nkunong'ona manambala atatu kapena mawu ozolowereka kuti abwereze. Kutulutsa mpweya kuja nkofunika, ukapanda kutero kunong'ona kwa mphunzitsi wozolowera kukuwa pa ana ochuluka kumamveka mpaka kuseri kwa buloko. Akalephera timayesanso ndi mawu ena, akapanda kufika atatu mwa asanu ndi limodzi timamulemba. Vuto pasukulu malo a phee kulibe, nthawi ya buleki ndi phokoso, mvula ikamagwa pa malata ndiye osayerekeza nkomwe, ife tasankha ofesi ya ahedi ana ena ataweruka. Ndipo tikukumbukira zomwe munanena kuti njirayi imaphonya ana amene kumva kwawo kwangotsika pang'ono, ndiye mwana wokhoza koma amene amati "ee?" pafupipafupi, kapena amatembenuza khutu limodzi lomwelo ukamayankhula, timamulembabe.

Mnyamata wina yemwe amadziwika kuti ndi wamwano, ukamuitana osayankha, tinapeza kuti khutu lamanja limatuluka mafinya ndipo kolala ya yunifolomu inali ndi madontho ouma, kunyumba amangomupukuta ndi nthenga ya nkhuku. Ameneyu sitinataye naye nthawi ndi kunong'ona, munati mafinya, kupweteka, kaya kanthu kolowa m'khutu ndi zopita kuchipatala basi, ndipo ife tisatokosemo machesi kapena kuthiramo chilichonse. Chimodzimodzi maso, mwana wa kadontho koyera pakati pa diso, wa diso lopenyera kumbali, lofiira ndi manthongo, kapena mwana wachialubino, amapita ngakhale atakhoza kadi. Mndandanda umenewu taumata mu sitafu rumu.

Pomwe pakutivuta ndi pakati pa sukulu ndi chipatala. Kapepala timapereka koma makolo ena amakasunga m'thumba, thiransipoti yopita ku boma ndi ndalama, ndipo akamva kuti mwina angatumizidwe mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Nkhoma amagwa ulesi asanayambe nkomwe. Ena amakhulupirira kuti magalasi amaononga maso a mwana. Amayi a mathagulupu ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lino akutithandiza kuyenda m'makomo, koma tikupempha zinthu ziwiri. Mutiuzeko masiku amene adokotala a maso amakhala alipo ndithu, kuti kholo lisabwereke ndalama ya kabaza nkukapeza kulibe, komanso kachidutswa ka mmunsi ka kapepala kaja muzikadzaza nkubweza ndi mwana, kuti tidziwe ngati akufunika kukhala kutsogolo, mbali iti ya kalasi, kapena tiitane mphunzitsi wa maphunziro apadera. Makadi tili nawo awiri okha ndipo imodzi yayamba kufufuma ndi chinyezi, ngati alipo otsala okutidwa pulasitiki mutiganizireko teremu ikubwerayi tisanayambe ndi ana a sitandade 1.

Zikomo kwambiri, mutiperekere moni kwa anamwino aja anatiphunzitsa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sitandade 4, m'malo mwa aphunzitsi onse