Kampani ndi imodzi ana atatu, ndigawe bwanji?

A Mlangizi,

Ndikulemba usiku uno chifukwa tulo tikukana. Ndili ndi kampani ya malole, ndinayamba ndi lole imodzi yomweyonso yangongole, pano shuga wandigwira ndipo adokotala akuti ndipume. Ana ndi atatu. Chabwino alipo wachinayi koma za ameneyo tisiye kaye, mayi a kunyumba safuna n'kumva dzina lake komwe.

Wachiwiri, wamkazi, ndi amene wakhala nane pa ntchito chimalizireni sukulu, makasitomala amaimbira iyeyo, inshuwalansi, misonkho, malipiro a madalaivala zonse ndi iye. Anyamata awiriwa ali ndi ntchito zawo. Wamkuluyo amabwera akafuna galimoto, tsiku lina anatenga ya kampani osapempha n'kuibweza thanki ili gwaa, matayala matope okhaokha, ine kufunsa akuti si ya bambo anga kodi. Ndiye munthu ameneyu wandiuza pamaso pa alamu ake kuti ndili ndi tsankho. Ine tsankho? Ndani anamulipirira koleji?

Ine ndimafuna aliyense atenge masheya ofanana kuti pasakhale zonena. Koma akauntanti wathu anandiwerengera kuti zikatero anyamatawa akagwirizana ali ndi magawo awiri mwa atatu, atha kumuchotsa mlongo wawo pa udindo kapena kuvotera kuti phindu lonse ligawidwe, pomwe lole ikafa injini pamafunika ndalama yokhala pambali. Akauntantiwo akuti umwini ndi kuyendetsa ndi zinthu ziwiri, mtsikanayo alandire salale ngati manijala komanso masheya 52 peresenti, anyamata 24 aliyense azingolandira phindu pakutha pa chaka, ndipo tilembe pangano loti wofuna kutuluka agulitse kaye kwa abale ake pa mtengo woyesedwa ndi munthu wapadera. Nditangotchula 52 wamkuluyo anadzuka, mpaka lero foni sayankha.

Mtsikananso wanena kuti akakhala wantchito wa alongo ake bola achoke akayambe yake, ndipo ndikudziwa makasitomala amutsatira. China, ku banki wosaina ndine ndekha, malole ena ali m'dzina langa osati la kampani, nditagwa mawa ngakhale dizilo sagula.

Ndiye ndiyambe chiti, kumuwonjezera mtsikanayu pa siginecha kapena kulemba wilo? Masheyawa ndipereke pano pang'onopang'ono ndikuona, kapena adikire ndife? Anyamatawa ndikawapatsa nyumba m'malo mwa masheya si bwino? Nanga wachinayi uja ndikapanda kumulemba sadzatengera abale ake kukhoti kampani n'kuima? Ndipo mwana woti wanditcha watsankho ndimukhazika pansi bwanji, poti ine kukamupepesa ayi sindingathe.

Ndine bambo wothedwa nzeru