Dandaulo pa ntchito yokonza ndemanga za mabuku a kafukufuku wa madzi ku Ndirande

Ndirande
Blantyre

Kwa Bwana Woyang'anira Ntchito Zokonza Zolembedwa,

Bwana,

Tikulemba kalatayi pofuna kudandaula za ntchito imene kampani yanu yatibwezera. Tinakupatsani mndandanda wa mabuku, malipoti ndi malamulo 24 amene tikugwiritsa ntchito pa kafukufuku wathu, chilichonse chili ndi ndemanga yake pansi pake. Pa fomu imene tinasainirana panalembedwa zinthu zitatu: ndemanga iliyonse ikhale ya mawu apakati pa 80 ndi 120, iunike mphamvu ndi kufooka kwa cholembedwacho, ndipo ilumikizidwe ku funso la kafukufukuyu. Funsolo tinalilemba pamwamba pa fayilo: kodi mabanja amene amagula madzi pa makiyosiki ku Ndirande amataya nthawi yochuluka bwanji potunga madzi, nanga chimatalikitsa nthawiyo n'chiyani?

Mwa zitatuzi palibe chimene mwakwaniritsa mokwanira. Ndemanga zafupika ndithu, pamenepo sitikutsutsa. Koma zafupika chifukwa munthu wanu ankangodula ziganizo zakumapeto mpaka chiwerengero cha mawu chitatsika, ndipo ziganizo zakumapetozo n'zimene zinali ndi chiweruzo chathu pa buku lililonse. Chatsala ndi chidule chongonena zimene bukulo likukamba, chinthu chimene aliyense angachiwerenge yekha pa tsamba loyamba la bukulo.

Tione ndemanga ya nambala 7, chifukwa vuto lonse likuonekera mmenemo. Ndi ya lipoti la kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015-16, amene anachitidwa ndi ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba. Inu mwalemba motere:

“Lipotili likufotokoza za umoyo wa anthu m'Malawi. Likukamba za uchembere, katemera wa ana, kadyedwe, malungo, madzi ndi ukhondo. Kafukufukuyu anachitika m'dziko lonse ndipo anafunsa anthu ambiri. Ndi lipoti lodalirika komanso lofunika kwambiri pa kafukufuku wathu.”

Choyamba, mawuwa safika ngakhale theka la 80 aja. Koma chachikulu si chimenecho. Katemera ndi malungo zikutani mu ndemanga ya kafukufuku wa madzi a pa kiyosiki? Lipotili ndi lalikulu, koma ife tikufunamo kachigawo kamodzi, ka m'mutu wonena za makhalidwe a pabanja, pamene pali tebulo la kumene mabanja amatunga madzi akumwa ndi nthawi imene amatenga. Ndemanga inayenera kulunjika pamenepo. Mawu akuti “lodalirika” alibe chowachirikiza, chifukwa simunanene kuti n'lodalirika pa chiyani ndiponso chifukwa chiyani. Mawu akuti “lofunika kwambiri pa kafukufuku wathu” mwawaika kumapeto kwa ndemanga 17 mwa 24, ena osasintha n'chilembo chimodzi chomwe. Kumeneko si kulumikiza buku ku mutu. Kulumikiza ndi kunena chaputala chimene bukulo lidzagwiramo ntchito, ndi ntchito yake yeniyeni mmenemo.

Kuti pasakhale kusamvana, nayi ndemanga yomweyo mmene inayenera kukhalira:

“Kafukufukuyu anafika m'mabanja oposa 26,000 m'dziko lonse pakati pa Okutobala 2015 ndi Febuluwale 2016, ndipo anafunsa nthawi yopita, kutunga ndi kubwerako. Mabanja anasankhidwa mwa dongosolo loimira dziko lonse, kotero ziwerengero zake za m'matauni ndi muyeso wabwino woyerekezera zathu. Koma sizitsika mpaka pa dera ngati Ndirande, ndipo nthawi imene inalembedwa ndi yongokumbukira woyankha, si yoyesa ndi wotchi. Funsolo silisiyanitsa nthawi yoyenda ndi yodikira pa mzere, pamene ife tikuganiza kuti kudikira ndiko kumadya nthawi yambiri. Tidzaligwiritsa ntchito m'chaputala choyamba posonyeza chithunzi cha m'matauni, komanso m'chachitatu pofotokoza chifukwa chake funso lathu la nthawi taligawa pawiri.”

Mawu ake sakufika 100. Chiganizo choyamba chikunena amene anafunsidwa, liti, ndi funso limene likutikhudza. Chachiwiri chikupereka mphamvu ya lipotilo pamodzi ndi chifukwa chake. Chachitatu ndi chachinayi zikunena malire ake, ndipo taonani kuti si malire a lipoti lonse ayi, koma okhawo amene akukhudza funso lathu. Lipotili likhoza kukhala ndi zofooka zina pa nkhani ya katemera, koma zimenezo si zathu. Chomaliza chikunena pamene tidzaliike. Kufupika kwake kwabwera chifukwa chosankha zoti zilowe, osati chifukwa chodula mchira.

Mfundo ya kuyenda ndi kudikira ija ndiyofunika kuimvetsa, chifukwa ndi imene ikusonyeza kuti ndemanga yabwino singalembedwe ndi munthu amene sanatsegule bukulo. Mayi wa ku Ndirande akhoza kukhala pafupi kwambiri ndi kiyosiki, koma madzi akamatuluka mofooka zigubu za malita 20 zimandandalikana pa mzere, iye n'kukhalapo nthawi yaitali. Wina akafunsidwa amawerengera kudikirako, wina amangoganiza za mtunda. Munthu angaone kufooka kumeneku pokhapokha atawerenga funso lenileni, limene lili m'mafomu a mafunso kumapeto kwa lipotilo. Mafayilo onse 24 tinakutumizirani pamodzi ndi mndandanda. Zimene zabwera zikuonetsa kuti wokonza anagwira ndemanga zathu zakale zokha.

Pali njira yosavuta yoyesera ntchito yamtunduwu, ndipo tikupempha kuti muichite nokha musanatiyankhe. Phimbani dzina la buku ndi dzanja, muwerenge ndemanga yokha, kenaka mudzifunse ngati mungadziwe buku limene ikunena. Ndemanga za nambala 11, 12 ndi 15 mukhoza kuzisinthanitsa popanda wina kuzindikira, chonsecho imodzi ndi ya kafukufuku wocheza mozama ndi anthu ochepa, ina ndi ya ziwerengero za mabanja ambiri, ndipo yachitatu inachitikira mu mzinda wa dziko lina. Zitatuzi sizingaunikidwe ndi mawu amodzi. Kafukufuku wocheza ndi anthu ochepa timamufunsa kuti anthuwo anasankhidwa bwanji ndiponso ngati akutithandiza kumvetsa zifukwa. Kumudzudzula kuti “anafunsa anthu ochepa”, monga mwachitira pa nambala 11, ndi kusadziwa cholinga chake. Wa dziko lina uja timamufunsa ngati makiyosiki akumeneko amayendetsedwa ngati athu kuno, kumene ambiri ali m'manja mwa mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi m'madera, amene amalandira madziwo kuchokera ku bungwe la madzi la mzinda wa Blantyre. Ngati kayendetsedwe kake n'kosiyana, ndemanga inene kuti tikutengako njira yofufuzira yokha, osati zotsatira zake.

Malamulo nawo ali ndi kaunikidwe kawo. Pa nambala 3, lamulo loyendetsera mabungwe a madzi la 1995, mwalemba kuti “wolemba akupereka maganizo ake momveka bwino”. Lamulo lilibe maganizo a wolemba. Chofunika pamenepo ndi kunena mbali ya lamulolo imene ikutikhudza, ndi kukumbutsa kuti lamulo limanena zoyenera kuchitika, osati zimene zikuchitika pa mpopi m'mawa.

Cholemera kuposa zonsezi n'chakuti pofupikitsa mwasintha matanthauzo. Mu ndemanga yathu yakale ya nambala 7 munali mawu akuti “kupita ndi kubwera”. Mu ndemanga ya nambala 9, imene imayerekezera ziwerengero zake ndi za lipoti lomwelo, mawuwa mwawachotsa, ndiye mphindi 30 za ulendo wonse tsopano zikumveka ngati za kupita kokha. Pa nambala 14 wolemba ananena kuti zinthu ziwiri zimaoneka zikuyendera limodzi, inu mwalemba kuti china chimayambitsa chinzake. Pa nambala 7 pomwepo mwachotsanso zaka zimene kafukufuku anachitika n'kusiya 2017 yokha, chaka chimene lipoti linasindikizidwa. Chaka chosindikiza chili kale pa mzere wa dzina la buku. M'ndemanga timafuna nthawi imene anthu anafunsidwa, chifukwa ndi imene imauza wowerenga kuti ziwerengerozi ndi za nthawi namondwe Freddy asanawononge mu mzinda muno mu Malichi 2023. Zolakwa zoterezi n'zoopsa chifukwa kalembedwe kake n'kosalala, ndipo munthu amene sanawerenge bukulo sangazione. Zikanadutsa, zikanalowa m'chaputala chounika zolembedwa kale zili zomwezo.

Za kalembedwe ka maina a mabuku sitichulutsa mawu. Tinapempha ndondomeko ya APA ya chisanu ndi chiwiri. Maina asanu sali mu dongosolo la alifabeti, mizere yachiwiri sinalowetsedwe mkati ndi masentimita 1.27, ndipo malipoti awiri a boma mwawalemba ngati alibe mwini, pamene dzina la ofesi ndilo limakhala m'malo mwa wolemba. Tinapemphanso kuti Track Changes ikhale yoyatsa. Fayilo yabwera yoyera, kotero kuti tione chimene chasintha tachita kuika mafayilo awiri pambalipambali n'kumawerenga mzere ndi mzere, ntchito imene tinalipira kuti tisaichite.

Pempho lathu ndi ili. Ntchitoyi ibwerezedwe popanda malipiro ena, ndipo ipatsidwe kwa munthu amene adzawerenga mbali zofunika za cholembedwa chilichonse: njira yofufuzira, zotsatira zokhudza madzi, ndi pamene wolemba akunena yekha malire a ntchito yake. Ayambire pa fayilo yathu yoyamba, osati pa imene mwatumizayi. Asanapitirire, atitumizire ndemanga zitatu zoyeserera, za nambala 3, 11 ndi 14, chifukwa ndi za mitundu yosiyana. Tikazivomereza, amalize zotsalazo. Pamene aona kuti buku silikugwirizana ndi funso lathu ngakhale pang'ono, asalipangire chiganizo cholikometsa, koma aike ndemanga m'mbali kuti ife tiganize zolichotsa. Tikukayikira kale nambala 20 ndi 22, zimene zikukamba za zitsime za kumudzi.

Ngati kampani yanu ilibe munthu wotha kuunika zolembedwa za kafukufuku, tiuzeni poyera, ndipo mutibwezere ndalama ya gawo lounika ndi kulumikiza. Ya kukonza galamala musunge, chifukwa imeneyo mwaigwira bwino. Tikupempha yankho lolemba pasanathe masiku asanu ogwira ntchito, popeza mndandandawu uyenera kupita kwa aphunzitsi otiyang'anira pamodzi ndi pulani ya kafukufuku mwezi uno usanathe. Taphatikiza lisiti, fomu imene tinasainirana, fayilo yathu yoyamba, ndi yanu imene tachongamo malo onse atchulidwa m'kalatayi.

Ndife anu,

Gulu la ofufuza za madzi a pa makiyosiki
Ndirande, Blantyre